Wofuna zinanazi 600 agogode khomo liti?

Loweruka lapitali, pa msonkhano wa kopaletivi yathu ya alimi a zinanazi kuno ku Mulanje, a wapampando anandipatsa mpata woti ndilankhule pa nkhani imene yakhala ikutigawa kuyambira dzinja latha. Ena akufuna kuti aliyense azipitiriza kutsatsa yekha pa Facebook monga tikuchitira panopa. Ena akuti za mafonizi ndi za ana. Ine ndikuti gulu likhale ndi tsamba limodzi, nambala imodzi, ndi anthu odziwika olisamala. Ndalemba pano zimene ndinanena, pafupifupi mmene ndinazinenera, chifukwa magulu a uchi, a nthochi ndi a mkaka ku Thyolo ndi kwina akukumana ndi nkhani yomweyi.

A wapampando, a komiti, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpatawu. Ndiyamba ndi nkhani imene ambiri mukuikumbukira, ngakhale sitinakhalepo pansi n'kuikambirana bwinobwino.

Mu Januwale, zinanazi zitapsa paliponse, mayi wina wa ku Limbe amene amagulitsa zipatso ndi kupanga juwisi ankafuna zinanazi 600 pa sabata, kwa masabata anayi. Anafufuza pa Facebook ndipo anapeza anthu atatu a gulu lino. Aliyense anali ataika zithunzi pa akaunti yake, ndipo aliyense anali atatchula dzina la kopaletivi. Woyamba anayankha mwachilungamo kuti ali ndi 150 zokha. Wachiwiri anayankha patapita masiku awiri chifukwa bandulo inali itatha. Wachitatu, poopa kutaya kasitomala, anavomera zonse 600 pamene m'munda mwake zakupsa zinali ngati 200. Mayi uja anachita hayala galimoto, anabwera pa msewu wa Midima, napeza 200, zina zazing'ono, zina zofewa kale. Anadzaza galimoto yake kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu ndipo sanatiimbirenso. Sabata yomweyo, titawerenga m'buku la mlembi, mamembala anali ndi zinanazi zakupsa zoposa 900. Zina zinaola, zina tinapereka kwa mavenda pa mtengo wongotaya.

Sindikunena nkhaniyi kuti ndichititse munthu manyazi. Palibe anaba, ndipo atatu onsewo anachita zimene aliyense wa ife akanachita ali yekha. Vuto linali lakuti katundu analipo, wogula analipo, koma panalibe malo amodzi pamene wogulayo akanafunsa n'kumva yankho la gulu lonse. Zinanazi 600 kwa mlimi mmodzi ndi phiri. Kwa alimi 12 ndi zinanazi 50 aliyense, zimene munthu amadula m'mawa umodzi. Tinalowa kopaletivi kuti tizitha kudzaza galimoto, koma pa foni tabwerera kukhala ogulitsa a dengu limodzilimodzi.

Chachiwiri ndi mtengo, ndipo apa ndi pamene ndalama zathu zikutayikira mwakachetechete. Tiyerekeze kuti gulu lagwirizana kuti chinanazi chachikulu ndi K1,000. Mmodzi walemba K1,000 pa akaunti yake, wina walemba K800, wina amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi walemba K700. Wogula amaona mitengo itatu yonseyo pa foni imodzi, mphindi imodzi, ndipo onse atatu atchula gulu limodzi. Mtengo umene adzayambire kukambirana ndi K700, ndipo wa K1,000 uja adzaoneka ngati wokwezera dala. Kusiyana kwa K300 pa zinanazi 600 ndi K180,000 pa sabata. Pa masabata anayi ndi K720,000. Kumsika wa Chitakale kapena wa Limbuli munthu akatsitsa mtengo amamva ndi oyandikana naye okha, ndipo tsiku likatha nkhani yatha. Pa Facebook mtengo wotsikawo umakhalabe pamenepo, ndipo wogula wa mwezi wa mawa adzaujambula n'kukutumizirani kuti mumufotokozere.

Tsopano ndifotokoze kusiyana kwa akaunti ndi tsamba, chifukwa ambiri timaziphatikiza. Akaunti ndi ya munthu. Ili m'dzina lake, anzake sangapitirire 5,000, ndipo pamakhala zonse za moyo wake: ukwati wa mlongo wake, mpira, maliro, ndale. Wogula wofuna mtengo wa zinanazi amayenera kudutsa zonsezo, ndipo ngati mwini akaunti anatukwanizana ndi wina pa nkhani ya chipani, dzina la kopaletivi lili pomwepo. Tsamba ndi la gulu kapena bizinesi. Kulitsekula salipiritsa. Aliyense akhoza kulitsatira popanda kupempha ubwenzi, ndipo anthu angapo akhoza kuliyendetsa, aliyense polowera pa akaunti yakeyake, popanda kubwerekana pasiwedi.

Koma tsamba limodzi losasamalidwa ndi loipa kuposa zimene tili nazo panozi, ndipo ndikufuna nditaye nthawi pamenepa. Gulu lina loyandikana nafe linapempha mnyamata wodziwa foni kuti alitsekulire tsamba. Analitsekula bwino, anthu anayamba kulitsatira, maoda anayamba kubwera. Kenako mnyamatayo anapita ku Joni, foni inabedwa kumeneko, nambala imene anatsekulira akaunti inatayika nayo. Mpaka lero tsambalo lilipo, ndi nambala yosagwira ndi mitengo yakalekale, ndipo gululo silingathe kulisintha kapena kulifufuta. Wogula akalipeza amaimba, foni siipezeka, amaganiza kuti gulu linatha. Mnyamatayo sanalakwe. Gulu ndi limene linaika chuma chake m'thumba la munthu mmodzi.

Pa tsamba pali malo olembedwa Page access, pamene pamaoneka mayina a onse amene ali ndi mphamvu pa tsambalo. Mphamvuzo sizofanana. Munthu wopatsidwa full control akhoza kulowetsa ena, kuchotsa ena, ngakhale kufufuta tsamba lonse. Ena akhoza kupatsidwa mphamvu yochepa, yongoika zithunzi ndi kuyankha mauthenga. Pempho langa ndi lakuti a full control akhale atatu: mlembi, msungichuma, ndi wachinyamata mmodzi wosankhidwa ndi msonkhano uno. Mmodzi ndi wochepa, mwamva chifukwa chake. Asanu kapena khumi ndi ambiri, chifukwa aliyense wa iwo ali ndi kiyi wotha kutsekera anzake kunja, ndipo foni ya mmodzi ikalowedwa ndi akuba tsamba lapita. Mayina atatuwo alembedwe m'maminitsi. Komiti ikasintha, kusintha mayina pa Page access kuchitike tsiku lomwelo limene timaperekana chidindo ndi buku la kubanki, pamaso pa anthu. Ndipo tisapatse munthu mphamvu chifukwa choti ndi mphwathu ndipo angadandaule tikamukaniza. Chisoni chinapha nkhwali.

Atatuwo aliyense atsekule Two-factor authentication pa akaunti yake, kuti wakuba ngakhale atadziwa pasiwedi asalowe popanda nambala yachiwiri imene imabwera pa foni. Adziwenso msampha umene umagwira masamba ambiri. Pamabwera uthenga wa m'Chingerezi wodzitcha kuti wachokera ku Facebook, wonena kuti tsamba lanu laphwanya malamulo ndipo litsekedwa pakatha maola 24 mukapanda kudina pamene akulozani. Mukadina, mumafika pamalo ofanana ndi Facebook enieni, mumalemba pasiwedi, ndipo mwaipereka kwa akuba ndi manja anu. Chizindikiro chake ndi changu chimene amakuikani, komanso kuti uthengawo umabwera m'bokosi lomwelo limene makasitomala amalembamo, ngati wochokera kwa munthu wamba. Lamulo likhale losavuta: uthenga woopseza ukabwera, osadina, uonetsedwe kwa awiri enawo.

Nambala ya pa tsamba ikhalenso ya gulu. Mukudziwa kuti simukhadi masiku ano imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho tikangotuma munthu kukagula, nambalayo mwalamulo ndi yake. Tipite ku ofesi ya kampani ya foni ndi satifiketi yathu ya kopaletivi tikailembetse m'dzina la gulu. Pa nambalayo tiike WhatsApp Business, imene ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, komanso imalola kuti nambala imodzi ionekere pa zipangizo zina mpaka zinayi kudzera pa Linked devices. Ndiye kuti foni ya gulu ikhoza kukhala ndi wachinyamata uja, koma mlembi akuona uthenga uliwonse umene walowa ndi yankho limene laperekedwa. Nambala ya manambala 6 imene WhatsApp imatumiza pa foni siperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale woimba atanena kuti ndi wa ku kampani.

Ndalama nazo zizilowa ku akaunti ya gulu, osati ya woyankha mauthenga. Pa tsamba palembedwe poyera kuti timalandira ndalama pa nambala iyi yokha, ndipo dzina limene lioneke potumiza ndi ili. Zimenezi zimateteza wogula kwa munthu amene angatsekule tsamba lonamizira dzina lathu, zimatetezanso mwana wathu woyankha mauthenga kuti asadzanamiziridwe kuti anadya ndalama. Ndipo galimoto isapakiridwe chifukwa choti wogula watumiza chithunzi cha uthenga wa ndalama. Zithunzi zotere zimapangidwa. Msungichuma ayang'ane yekha ndalama zimene zili mu akaunti, pa *211# ngati ndi Airtel Money kapena pa *444# ngati ndi Mpamba, ndipo zikaoneka ndi pamene mipeni ilowe m'munda.

Nanga pa tsambapo tizilembapo chiyani? Ntchito yeniyeni siiyambira pa foni. Imayambira m'minda Lolemba, pamene mtsogoleri wa dera lililonse afunse mamembala ake kuti sabata imeneyo adula zingati, zazikulu zingati, zapakati zingati, n'kuuza mlembi. Mlembi aphatikize, ndipo achotsepo pang'ono, chifukwa mlimi powerenga m'munda mwake amaona zambiri kuposa zimene adzadule. Tikawerenga 900, tilengeze 750. Lachiwiri m'mawa uthenga utuluke, ndipo ukhale wonga uwu: “Sabata ino tili ndi zinanazi zazikulu 450 pa K1,000 chimodzi ndi zapakati 300 pa K700. Tidula Lachinayi, kupakira ndi Lachisanu m'mawa pa shedi ya gulu. Oda yochepetsetsa ndi 50. Tiuzeni kumene zikupita kuti tidule zoyenera ulendowo.” Mitengoyo ndangoyerekeza, koma zigawo zake zisasowe: kuchuluka, kukula, mtengo, tsiku, malo.

Chiganizo chomalizacho ndi chimene chingatisiyanitse ndi ogulitsa a m'mbali mwa msewu. Inu mukudziwa kuposa ine kuti chinanazi chikadulidwa sichiwonjezera kutsekemera. Chimasintha khungu, chimafewa, koma shuga wake ndi yemwe chinachoka naye m'munda. Chodulidwa chili chiwisi kwambiri chimafika bwino koma chowawasa, ndipo chodulidwa chitapsa chonse chimatsekemera koma sichipirira ulendo wa ku Lilongwe pansi pa zinzake. Wa juwisi wa ku Limbe amene afinya mawa lomwe amafuna zakupsa. Wa shopu ya kutali amafuna zimene zangoyamba kufiira kumunsi. Funso limeneli limafunsidwa ndi munthu amene ntchito yake ndi kuyankha ogula m'malo mwa gulu. Anthu makumi atatu oyankha aliyense payekha, wina ali pa njinga, wina ali pamaliro, sangalifunse mofanana.

Zithunzi zikhale za sabata yomweyo, za zinanazi zathu, zojambulidwa masana, ndipo chimodzi chikhale m'dzanja la munthu kuti kukula kwake kuoneke. Chithunzi chokongola chotengedwa kwina chimabweretsa wogula kamodzi, ndipo akafika n'kuona zosiyana amapita kukauza anzake. Uthenga uyankhidwe tsiku lomwelo. Katundu akatha tilembe kuti watha, ndi tsiku limene tidulenso. Nyengo ikatha tilembenso choncho, kuti tsamba lisaoneke ngati lamasiye.

Ndamva zodandaula, ndipo yaikulu siine woyamba kuitchula. Ena mwa inu mukuti: woyendetsa tsamba azidzapereka maoda abwino kwa abale ake, kapena azidzauza wogula kumbali kuti bwerani kwanga. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo sindikuuzani kuti tingokhulupirirana. Mankhwala ake ndi buku. Oda iliyonse yobwera pa tsamba kapena pa nambala ya gulu ilembedwe: tsiku, wogula, kuchuluka, mtengo, ndi mayina a mamembala amene apereka ndi chiwerengero cha aliyense. Magawo aziyenda motsata mndandanda. Oda ya 600 ikatenga anthu 12 oyamba, yotsatira iyambire pa wa nambala 13, ndipo amene alibe zakupsa sabata imeneyo adumphidwe koma asataye malo ake. Bukulo liwerengedwe pa msonkhano uliwonse, ndipo membala aliyense akhale ndi ufulu wopempha kuona foni ya gulu kuti afananize mauthenga ndi zolembedwa. Uthenga wa wogula umene uli m'foni koma mulibe m'buku ndi umene uzitiuza kuti pali chimene chalakwika. Panopa, pamene aliyense akugulitsa pa akaunti yake m'dzina la gulu, palibe buku lililonse limene tingatsekule.

Ena mukuti muli ndi makasitomala anu amene munawapeza nokha ndi thukuta lanu. Asungeni. Palibe akuletsani kugulitsa dengu lanu kwa mphunzitsi amene mwakhala mukumugulitsa zaka zisanu. Chimene ndikupempha n'chakuti dzina la kopaletivi lisalembedwe pafupi ndi mtengo umene kopaletivi sinagwirizane, ndipo munthu akakupemphani zoposa zimene muli nazo, mumupatse nambala ya gulu m'malo movomera zimene simungakwanitse. Akaunti zanu zili ndi ntchito ina yaikulu: uthenga wa Lachiwiri ukatuluka, dinani Share kuti abale anu a ku Ndirande, ku Zomba ndi ku Lilongwe auone. Facebook sionetsa uthenga wa tsamba kwa onse olitsatira, choncho anthu makumi awiri ogawa uthenga umodzi amaufikitsa kutali kuposa mauthenga makumi awiri osiyana opikisana okhaokha.

Za ndalama zoyendetsera, tisanamizane kuti ndi zaulere. Pamafunika bandulo, kutchaja foni, ndi kangachepe kwa amene akuyankha mauthenga, chifukwa ntchito yongodzipereka imatha mwezi wachitatu. Ndikupempha kuti pa chinanazi chilichonse chogulitsidwa kudzera pa tsamba tizidula K20. Pa oda ya 600 ndi K12,000. Amene sanagulitse kudzera pa tsamba salipira kanthu. Ndipo batani lolembedwa Boost post, limene limafuna ndalama kuti uthenga uonekere kwa ambiri, tisaligwire kaye mpaka titaonetsa kuti oda imene yabwera yokha timaikwanitsa.

Ndinenenso zimene tsamba silingachite, kuti mawa musadzati ndinakulonjezani. Ambiri muno mumalimanso tiyi. Masamba a tiyi ali ndi njira yawo ya ku sikelo ndi ku fakitale, ndipo Facebook sisintha kanthu pamenepo. Tsamba silikonza msewu wa kumunda mvula ikagwa, ndipo silipanga chinanazi chaching'ono kukhala chachikulu. Komanso tisadzanyengeke ndi kuchuluka kwa otitsatira kapena odina Like. Anthu 3,000 akhoza kuyamikira chithunzi cha phiri la Mulanje kuseri kwa munda popanda mmodzi wogula. Pakutha pa nyengo tidzatsekule buku tiwerenge zinthu zitatu: maoda angati anabwera, angati tinakwanitsa pa tsiku lake, ndi ogula angati anabweranso kachiwiri. Ofunsa akachuluka koma ogula n'kuchepa, tidzayang'ane mtengo kapena kuchedwa kuyankha. Akagula kamodzi osabweranso, vuto lili pa kusankha zinanazi, ndipo limenelo si la woyendetsa tsamba, ndi lathu tonse.

Pamenepa ndinakhala pansi. Mayi wina wachikulire, amene ali ndi munda wosamalika kuposa wa aliyense m'gulu lathu, anaimika dzanja. Anati, “Bambo, ine foni yanga ndi ya mabatani, ndipo kuwerenga kwake ndi kwa mdzukulu. Zimenezi si zanu za mafoni aakulu?” Ndinawayankha kuti, “Amayi, panopa ndi pamene zili za mafoni aakulu, chifukwa wogula wa pa Facebook amafika kwa okhawo amene amaika zithunzi. Zinanazi zanu sizinaonekepo pamenepo ndi kamodzi komwe. Pa tsamba la gulu inu mungouza mtsogoleri wa dera lanu Lolemba kuti muli ndi 80, ndipo dzina lanu lili pa mndandanda mofanana ndi langa.” Anagwedeza mutu, koma anawonjezera kuti bukulo aziliwerenga mokweza, osati kungolikweza m'mwamba kuti anthu alione, ndipo msonkhano unavomera kuti zilembedwe choncho.

Funso limene sitinamalize linachokera kwa msungichuma: bwanji membala akalonjeza 50 Lolemba, koma Lachitatu mavenda n'kubwera ndi ndalama m'manja, iye n'kugulitsa, Lachisanu galimoto n'kupeza zaperewera? Ena anati alipitsidwe chindapusa. Ine ndikuona kuti chindapusa chidzathamangitsa osauka kwambiri, amene amagulitsa Lachitatu chifukwa kunyumba kulibe ufa. Maganizo anga ndi akuti wotere adumphidwe pa maoda awiri otsatira, ndipo wogula azipereka gawo la ndalama poika oda, kuti amene wapanikizika athe kulandirako pang'ono Lachitatu lomwelo m'malo mothamangira kwa mavenda. A wapampando anati nkhaniyi tidzaivotere pa msonkhano wa mwezi wa mawa, pamodzi ndi mayina a anthu atatu aja, ndipo mlembi watumidwa kukagula buku lachikuto cholimba lisanafike tsikulo.